Amalume akubwera kuchokera ku Joni, ndiwauze chiyani?

Agogo, amalume anga akubwera Loweruka patatha zaka 11 ali ku Joni. Amayi awo anamwalira iwo ali komweko ndipo pamaliro sanafike. Ine anandisiya ndili ndi zaka 8. Adzafikira kwathu ku Ndirande. Ndiwalembere chiyani pafoni, nanga pakhomo ndidzayambe bwanji? Ndikuopa kulakwitsa.

Mdzukulu wanga, uthenga wa pafoni ukhale waufupi, ndipo uyambe ndi kudzitchula kuti ndiwe mwana wa ndani. Nambala yako saidziwa, ndipo m'mutu mwawo udakali kamtsikana ka yunifolomu. Lemba motere: "Amalume, ndine mwana wachiwiri wa alongo anu a ku Ndirande. Tamva kuti mukubwera, tonse takondwa. Mukangodutsa pa Mwanza mutidziwitse kuti tikakuchingamireni pa Wenela. Muyende bwino, Mulungu akutsogolereni." Basi, usawonjezere kanthu.

Ndanena za Mwanza dala. Basi yochokera ku Joni imadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ndipo pachipata chilichonse imatha kuima maola ambiri, makamaka pa Mwanza pomwe amatsitsa katundu kuti amuone. Ukafunsa kuti "mufika nthawi yanji" akuuza ola limene iwonso sakulidziwa. Akachoka pa Mwanza mpamene ukhoza kuwerengera maola awiri kapena kuposerapo pang'ono. Nambala yachilendo ikaimba tsikulo, yankha, mwina abwereka foni kwa mnzawo wa pampando.

Mu uthengawo musalowe mawu akuti nsapato, foni kapena fizi. Ngakhale mwanthabwala. Munthu amene wakhalitsa kunja amabwera ali ndi mantha akuti katundu wake achepa pamaso pa abale, ndipo ena anachedwa kubwerera zaka zonsezi chifukwa cha manyazi omwewo.

Tsono pakhomo. Ukamva odi, tuluka, nena kuti "Takulandirani amalume, fikani," uwalandire chikwama ndi manja awiri nkukachiika kuchipinda chimene agone, osati pabalaza poti ana azichizungulira. Moni weniweni saperekera chiimire. Akhale kaye pansi, amwe madzi. Amayi ako ayambe ndiwo, kenako inu ana mmodzimmodzi, wamkulu patsogolo. Iwe ugwade, uwapatse dzanja utagwira mkono ndi dzanja linalo, nkunena kuti, "Mwayenda bwanji amalume? Mwawasiya bwanji kumeneko?" Funso lachiwirili ndi lanzeru, chifukwa limawapatsa mpata wonena okha ngati ali ndi banja uko. Usawafunse mwachindunji. Akakusokoneza ndi mkulu wako, seka nkudzitchulanso.

Pali mawu amene amatuluka okha pakamwa pa anthu osangalala koma amalasa: "Matchona afika!", "Timayesa munatitaya," "Mubwerera liti?" Kunena kuti mwanenepa nkuyamikira. Ngati aonda, pakamwa pako patseke.

Za malirozo ndizo ndikufuna undimvetse bwino. Mchimwene wanga anali ku migodi ya ku Joni pa nthawi ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodiko, lomwe dzina lake latsalira pa depoti ija. Ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown mu 1974, a Kamuzu analetsa maulendowo, ndipo amuna ambiri anabwerera kumudzi, iye ali m'gulumo. Bambo athu anali atamwalira iye kulibe. Atangotsitsa sutikesi pabwalo, mayi wina wachibale anayamba kulira mokuwa, akuti "mwabwera bambo anu atapita." Mchimwene anakhala pa sutikesi pomwepo, chipewa chili m'manja. Nkhuku tinali titapha kale, koma nsima ija anangoiyang'ana mpaka inazizira.

Lero kuli mafoni, amalume ako uthenga anaumva kale. Komabe maliro a pafoni sanathe mumtima mwawo, ndipo mwina akudziimba mlandu. Nkhaniyi si yako kuiyambitsa. Asambe, adye. Pambuyo pake, pa malonje, iwo afotokoza za ulendo wawo, ndipo amayi ako kapena wamkulu wina wa pabanja ndiye adzati, "Kuno mudatisiya, tinaona zovuta," nkulongosola mmene gogo anadwalira, ndani anawasamala, anaikidwa kuti. Akatha akuluakulu, iwe yandikira ungoti, "Pepani amalume ndi zomwe zinatigwera." Akalira, asiye alire. Usawatonthoze ndi mawu akuti "mukanabwera," ndipo wina akayamba zimenezo, amayi ako amudule.

Tsiku lokaona manda asankhe okha pamodzi ndi alongo awo. Ngati gogo anaikidwa kumudzi, kumanda sangolowako, amayamba adziwitsa amfumu, choncho pafunika kutumiza mawu kusanafike tsikulo.

Zikwama adzatsegula okha, mwina mawa lake. Ngati chako ndi sopo mmodzi, landira ndi manja awiri. Ndipo uwauziretu anzako a pamzere wa nyumba kuti moni adzapereke Lamulungu masana, chifukwa munthu wogona mubasi masiku awiri miyendo imakhala itatupa.