Kanyali kayaka pa dashibodi: ndiime pomwepo kapena ndikafike ku galaja?

"Zikomo achimwene. Ndili ndi Sienta yomwe imanyamula anthu pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay. Kwa milungu itatu tsopano, kanyali kachikasu kooneka ngati injini kakungoyaka, ndipo dalaivala wanga akuti si kanthu. Dzulo kofiira ka batire kanayakanso ali pa Makawa, koma anangoyendabe mpaka kudzafika. Kodi ndi nyali ziti zoti munthu aime nazo pomwepo, nanga ndi ziti zoti angayende nazo pang'onopang'ono mpaka ku galaja? Ndine mayi wa kwa Mponda."

Mayi, dalaivala wanuyo pa kachikasuko mwina sakunama kwenikweni, koma pa ka batire anachita mwayi chabe. Ndiyamba ndi nyali zitatu zomwe sizifuna kukambirana, kenako ndibwere pa ya batire chifukwa ndi imene imapusitsa anthu ambiri, ineyo ndili m'gulu lomwelo.

Yoyamba ndi yofiira yooneka ngati kaketulo kodontha. Anthu ambiri amati nyali imeneyi imatanthauza kuti oyilo wachepa, ndiye amaganiza zoti akathira akafika pa filing'i. Ayi. Imanena kuti oyilo sakukankhidwa ndi mphamvu yokwanira kuti afike pomwe zitsulo zikukhudzana mkati mwa injini. Zitsulozo zimazungulira pa kansalu kopyapyala ka oyilo, ndipo kansaluko kakatha, chitsulo chimayamba kudya chinzake. Zimenezi sizitenga ola. Mphindi zochepa chabe injini imayamba kugogoda, amakaniko n'kukuuzani kuti yanoka. Choncho ikayaka galimoto ikuyenda, yatsani mahazadi, patukani pamalo oyamba abwino, zimitsani injini.

Mukaima, dikirani mphindi zisanu kuti oyilo atsikire pansi, galimoto ili pamalo osapendekeka. Zulani dipisitiki, ipukuteni, ilowetseninso mpaka kumapeto, kenako muizulenso n'kuyang'ana. Kunsonga kwake kuli zizindikiro ziwiri. Ngati oyilo sakufika pa chapansicho, thirani pang'onopang'ono mpaka afike pakati kapena kuyandikira chapamwamba, ndipo suzumirani pansi pa galimoto ngati sakudontha. Misewu yathu yafumbi, monga mukapatuka kulowera kumadoko, ili ndi miyala yomwe imaboola sampu, beseni losungira oyilo lomwe lili pansi pa injini. Mukaliza injini nyali n'kuthima m'masekondi ochepa, popanda phokoso lachilendo, mutha kupita ku galaja modekha. Koma ngati oyilo ndi wokwanira, nyali ikuyakabe, musailizenso. Mwina pampu yatopa, mwina sefa yake yatsekeka ndi zinyalala, mwinanso ndi kaswichi chabe komwe kafa. Vuto ndi loti pamsewu simungasiyanitse zitatuzi. Ndalama yokokera galimoto kuchoka ku Nkope kufika ku boma imawawa, koma ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula injini ina.

Yachiwiri ndi yooneka ngati kachipangizo koyezera kutentha kali m'madzi. Sienta, Vitz, Passo ndi zina zambiri zochokera ku Japan zilibe muvi woonetsa kutentha kwa injini, zili ndi kanyali kokha. Kakayaka ka buluu kapena kobiriwira m'mawa, palibe vuto, injini ikadali yozizira ndipo kathima kokha. Kakayaka kofiira, kapena kuyamba kuphethira kofiira, injini yatentha kupyola muyeso. Kuno mu Okutobala ndi Novembala, galimoto itadzaza anthu ndi matumba a usipa, ikukwera phiri la ku Namwera, injini imakhala ili kale pafupi ndi malire ake. Imani. Mukaumirira, mutu wa injini, womwe pa galimoto zing'onozing'onozi ndi wa aluminiyamu, umapindika, gasiketi n'kupsa, madzi n'kuyamba kusakanikirana ndi oyilo.

Apa pali chinthu chimodzi chomwe ndimachinena mokweza: musatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ili yotentha. Madzi a mmenemo amakhala opanikizika ndipo amatentha kuposa owira pamoto. Mukangotsegula amatumphukira kumaso ndi m'manja. Dikirani theka la ola kapena kuposerapo, mpaka mutha kugwira paipi yaikulu yapamwamba osapsa, ndipo ikhale yofewa mukaifinya. Ndipamene mutsegule ndi kansanza, pang'onopang'ono. Madzi a pamjigo atha kukufikitsani ku galaja, koma si oti azikhalamo, chifukwa amachititsa dzimbiri. Mukathira madzi n'kuona akutuluka pansi ngati pampopi, ulendo wathera pomwepo.

Yachitatu ndi ya mabuleki, chizindikiro cha mfuwu mkati mwa kabwalo, pena pamalembedwa BRAKE. Choyamba onani handibuleki. Pa Sienta zambiri ndi yopondera ndi phazi, ndipo munthu amatha kunyamuka isanamasuke yonse. Ngati yamasuka koma nyali ikuyakabe, imani modekha, tsegulani boneti, yang'anani kabotolo ka mafuta a mabuleki komwe kali ndi mizere ya MIN ndi MAX. Mafutawo amatsika pang'onopang'ono mapadi akamatha. Ngati angotsika pang'ono pansi pa MIN, buleki ikulimba bwino mukaiponda, ndipo kuseri kwa matayala kulibe ponyowa, mutha kuwonjezera mafuta a mtundu wolembedwa pa chivindikiro n'kupita ku galaja tsiku lomwelo. Koma buleki ikamalowa pansi ngati mwaponda nthochi yakupsa, kapena kabotolo kakakhala kopanda kanthu, galimotoyo isasunthe. Msewu wa ku Monkey Bay ndi wa njinga za kabaza, mbuzi ndi ana a sukulu, si woyeserapo mabuleki.

Tsopano ya batire. Nyali imeneyi ndi yofiira, koma nthawi zambiri sikunena za batire. Ikunena kuti olitaneta, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, yasiya kutchaja, ndipo galimoto ikudya magetsi omwe anasungidwa kale. N'chifukwa chake dalaivala wanu anafika. Funso ndi lakuti yasiya kutchaja chifukwa chiyani.

Chaka china ndinkachokera ku Liwonde pa Probox yanga, dzuwa lili paliwombo. Nditangodutsa Ulongwe ndinamva kaphokoso kamodzi kutsogolo, ngati munthu wamenya chitsulo ndi chikoti, kenako ya batire inayaka. Ndinati si kanthu, batire ndi yatsopano, ndikafika. Sindinayende mphindi zisanu, yofiira ya kutentha n'kuyamba kuphethira. Nditatsegula boneti ndinapeza lamba waduka, zidutswa zake zakuda zitazingana pa chitsulo ngati ulusi. Pa injini ya 1NZ, yomwe ili mu Probox, Sienta ndi Corolla zambiri, lamba yemwe amazunguza olitaneta ndi yemwenso amazunguza pampu ya madzi. Akaduka, magetsi amasiya kutchaja ndipo madzi amasiya kuzungulira nthawi yomweyo. Nyali ya batire inali kundichenjeza za kutentha komwe kunali kusanafike. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mlambe maola awiri kudikira mnyamata wa njinga yamoto yemwe ndinamutuma lamba.

Ndiye ikayaka ya batire, lamulo langa ndi ili: imani kaye, zimitsani injini, yang'anani lamba. Ngati palibe, wang'ambika kapena wakhwefuka moti mukumusuntha ndi chala mosavuta, musayende. Ngati ali pamalo pake ndipo ndi wolimba, vuto lili mu olitaneta kapena mawaya ake, ndipo mutha kupita ku galaja yapafupi. Thimitsani wailesi, fani, zoziziritsa mpweya ndi zotchajira mafoni. Sankhani poima pomwe anthu angakuthandizeni, chifukwa kuliza injini kumadya magetsi ambiri, ndipo galimoto ya otomatiki siilira ndi kukankha. Masana batire yabwino itha kukuyendetsani mwina theka la ola. Usiku, nyali zakutsogolo zitayaka, nthawiyo imafupika kwambiri, ndipo magetsi akamatha chiwongolero chimalemera pa galimoto zomwe chiwongolero chake chimathandizidwa ndi magetsi. Kuchoka ku Monkey Bay usiku ndi nyali imeneyi, ine sindingayese. Makaniko wa zamagetsi akaika mita pa batire injini ikulira, iyenera kuonetsa mavoti pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikaonetsa 12 kapena kutsika, olitaneta sikugwira ntchito. Muuzeni dalaivala wanu achite zimenezi lero, ngakhale nyaliyo yathima yokha, chifukwa olitaneta ikamafa imayamba ndi kuyatsa nyali mwa apo ndi apo.

Kachikasu ka injini kaja, komwe pena pamalembedwa CHECK, kali ndi nkhope ziwiri. Kakangoyaka osaphethira, galimoto ikukoka bwino, sikunjenjemera, palibe utsi kapena fungo lachilendo, mutha kumaliza ulendo n'kupita ku galaja m'masiku ochepa. Kawirikawiri chimakhala kachipangizo koyeza mpweya komwe kada ndi fumbi kapena katopa. Kakamaphethira, injini ikudumphadumpha, ndiye kuti silinda ina sikuwotcha petulo, mwina chifukwa cha pulagi kapena koyilo. Petulo wosapsayo amakapsera mu ekizozi n'kusungunula chosefera utsi, chomwe ndi chodula. Pamenepo chotsani phazi, tsitsani anthu ndi katundu, ndipo ngati galaja ili kutali, ikokeni.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi milungu itatuyo. Nyaliyo ndi imodzi yokha, koma imayakira zifukwa zambirimbiri. Ikakhala chiyakire chifukwa cha vuto laling'ono, vuto lachiwiri likabwera ilibe njira ina yokuuzirani. Pitani kwa makaniko yemwe ali ndi kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero. Kamatulutsa nambala, monga P0301 yomwe imatanthauza kuti silinda yoyamba ikuphonya, kapena P0171 yomwe imati mpweya wachuluka poyerekeza ndi petulo. Lembani nambalayo papepala asanaifufute. Alipo ena amangofufuta, nyali n'kuthima, inu n'kulipira, patapita masiku awiri yayakanso.

Zina zotsalazi ndi zosavuta. Ya ABS, chipangizo choletsa matayala kumangika mukaponda buleki mwamphamvu, ikayaka yokha, mabuleki wamba akugwirabe, kungoti mukaponda mwadzidzidzi pamchenga kapena pamvula matayala atha kukhwekhwereza, choncho siyani mpata waukulu ndi galimoto yakutsogolo. Ikayaka limodzi ndi yofiira ya mabuleki, imani. Ya munthu wokhala ndi mpira kutsogolo ndi yofiira pa galimoto zambiri koma siikuimitsani. Ikunena kuti mapilo a mpweya aja mwina sangatuluke pangozi, ndipo galimoto yonyamula anthu siyenera kukhalitsa choncho.

Mawa m'mawa galimoto isananyamuke, khalani pampando wa dalaivala nokha, mayi. Tembenuzani kiyi mpaka nyali zonse ziyake koma osaliza injini. Muyenera kuona ya oyilo, ya batire, ya injini, ya mabuleki ndi ya ABS. Kenako lizani, zonse zithime m'masekondi ochepa, kupatula ya handibuleki ngati simunamasule ndi yachikasu yanu ija. Ngati pali ina yomwe sinayake n'komwe poyambapo, funsani bwino, chifukwa pa galimoto zogula kwa munthu si zachilendo kupeza kuti wina anachotsa babu kapena anamata tepi yakuda kuseri kwa galasi.