Akuti ndipite kaye ku Zambia ndikayambe ntchito, pemiti ibwera pambuyo

"A loya, ine ndine makaniko wa mashini akuluakulu okonzera misewu. Kampani ina ya ku Zambia yandipatsa ntchito ya zaka ziwiri, malipiro akuti K12,000 pamwezi. Bwana wake akuti ndingolowa ngati mlendo ndiyambe ntchito, za pemiti tizikaonera konko, ndipo ndalama ya pemitiyo azidzandidula pang'onopang'ono. Kontirakiti sindinaione, zonse takambirana pa WhatsApp. Ndipite?"

Achimwene, musakwere basi kaye. Ntchitoyo mwina ndi yeniyeni ndithu, sindikuti akukunamizani, koma ndondomeko yomwe akukuuzaniyo ndi yozondoka ndipo zikakavuta amene mukagone m'chitokosi ndi inuyo osati bwanayo.

Chomwe chimasokoneza anthu ambiri n'choti pa bodala sativutitsa, timangodinditsa pasipoti n'kudutsa opanda viza, ndiye munthu amaona ngati poti walowa mwalamulo basi atha kugwiranso ntchito. Ayi ndithu. Chidindo chija chimakulolani kucheza, ndipo ku Zambia mlendo wamba amapatsidwa masiku osapitirira 90 pa miyezi 12, wobwerera za bizinesi masiku 30 okha. Kulembedwa ntchito ya malipiro ndi nkhani ina, lamulo lawo la za olowa ndi otuluka la 2010 limafuna chikalata chapadera chomwe pa webusaiti ya imigireshoni yawo, zambiaimmigration.gov.zm, muchipeza chitalembedwa kuti Employment Permit. Wopempha chikalatachi ndi kampani, kapena loya wake, kapena munthu wovomerezeka ndi a imigireshoni pa ntchito imeneyi, ndipo mwini wakenu mumayenera kukhala muli kunja kwa Zambia mpaka chitavomerezedwa. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Bwana amene analembapo munthu wakunja amazidziwa bwinobwino zimenezi, ndiye akamati bwerani kaye, kaya sakudziwa kaya akudziwa koma akuzemba, zonse ziwirizi kwa inu ndi zoopsa chimodzimodzi.

Pemiti imeneyi siituluka chifukwa choti kampani yakukondani. Kampani imayenera kuonetsa kuti inalengeza ntchitoyo m'nyuzi ndipo sanapezeke mzika woitha, imapereka mapepala ake olembetsera, kalata yofotokoza chifukwa chomwe ikufunira inuyo, ndi kontirakiti kapena kalata yokupatsani ntchito. Inu mumapereka kope la pasipoti, zithunzi, masatifiketi anu otsimikizidwa, ndi kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe milandu. Pa ntchito ngati yanuyi muyembekezerenso kulembetsa ku bungwe la mainjiniya la EIZ, chifukwa limalembetsa ndi amisiri omwe. Nde pali njira yophweka yodziwira ngati pali chomwe chikuchitika: kodi akupemphani mapepala amenewa? Ngati mpaka pano palibe wakufunsani satifiketi kapena kalata ya kupolisi, dziwani kuti palibe pempho lomwe lapita kulikonse, ngakhale atalumbira kuti zili m'njira. Ndipo onaninso kuti kontirakiti imafunika popempha pemiti, kutanthauza kuti kampani yomwe ikutsata ndondomeko siingakanike kukutumizirani kontirakiti musananyamuke.

Akakuuzani kuti zatheka, apempheni kalata yovomereza yochokera ku imigireshoni, muione ndi maso anu dzina lanu, nambala ya pasipoti, dzina la kampani ndi dzina la ntchito. Dzina la kampanilo lifanane ndi lomwe lili pa kontirakiti, chifukwa pemiti imamangiriridwa pa bwana mmodzi ndi ntchito imodzi. Ikalembedwa kuti ndinu woyang'anira wekishopu pa kampani yakuti, inu n'kupezeka mukumasula injini pa saiti ya kampani ina ya mnzake wa bwanayo, mwaphwanya kale zomwe anakulolezani ngakhale khadi lili m'thumba. Kusintha bwana kumafunanso kubwerera ku imigireshoni. Kampaniyo muthanso kuifufuza ku PACRA, komwe makampani a ku Zambia amalembetsa, kuti mudziwe ngati ilipodi.

Mwina adzakuuzani kuti tikutengerani ya Temporary Employment Permit kuti muyambe msanga. Imeneyo iliko ndipo ndi yovomerezeka, koma ndi ya ntchito yaifupi, siipitirira miyezi 6 pa miyezi 12. Ntchito ya zaka ziwiri siingayende pa pemiti imeneyo, nde mufunse kuti mwezi wa 7 ndidzakhala ndili pa chani.

Mukapita mmene akuneneramo zimayenda chonchi. Mwezi woyamba zonse zili bwino, malipiro mwalandira pamanja. Masiku anu a pa chidindo akamatha amakuuzani kuti mudumphe bodala mukadinditsenso, kapena wina amatenga pasipoti yanu kuti akakonze. Mwezi wachitatu malipiro achedwa, wachinayi abwera theka, ndipo mukati mudandaule bwana amangokukumbutsani kuti mulibe mapepala. Ku ofesi ya zantchito mupita bwanji pomwe funso loyamba likakhala loti pemiti yanu ili kuti? A imigireshoni akafika pa saiti amakumangani, pamakhala chindapusa, kubwezedwa kwanu, mwinanso kuletsedwa kulowanso m'dzikomo, ndipo ndalama zomwe kampani inakusungirani zimathera pompo. Kampani nayo imalakwa polemba munthu wopanda pemiti, koma iyo imalipira loya n'kupitiriza ntchito. Pasipoti yanu isakhale m'kabati ya bwana ngakhale tsiku limodzi, akafuna apatseni fotokope.

Za kudulidwa ndalama ya pemiti, ine ndikanakana. Amene akufuna luso lochokera kunja ndi kampani, ndipo ngongole yotereyi imasanduka chingwe chokumangirani, tsiku lomwe mudzafune kusiya adzakutulutsirani bilu yomwe simunaionepo. Ngati mwasankha kuvomera, chiwerengero chonse chilembedwe mu kontirakiti, pamodzi ndi ndalama yodula pamwezi ndi mwezi womwe kudulako kudzathere, komanso akuonetseni lisiti ya boma.

Tsopano K12,000 ija. Choyamba kontirakiti inene kuti ndi kwacha ya ku Zambia, pa mapepala amalemba ZMW, poti dzina loti kwacha si la dziko limodzi. Chachiwiri mufunse ngati imeneyo ndi yolowa m'thumba kapena ndi yoti sanadule kalikonse, mabwana ambiri akamatchula malipiro amatchula yosadula. Tiyerekeze kuti ndi yosadula, ndipo aigawa kuti malipiro enieni, aja amati besiki, ndi K7,000 pomwe K5,000 ndi maalawansi a nyumba, mayendedwe ndi nkhomaliro. Potengera magawo a msonkho wa PAYE a 2024, K5,100 yoyamba siidulidwa, K2,000 yotsatira imadulidwa 20 peresenti yomwe ndi K400, K2,100 yotsatira 30 peresenti yomwe ndi K630, ndipo K2,800 yotsalayo 37 peresenti yomwe ndi K1,036. Msonkho wonse K2,066. Kenako penshoni ya NAPSA imatenga 5 peresenti, ndiye K600, kampani n'kuikaponso 5 ina yake, ndipo inshulansi ya chipatala ya NHIMA imatenga 1 peresenti ya besiki, K70. Yofika m'manja mwanu ndi K9,264. Magawo a msonkho amatha kusintha ndi bajeti ya chaka, nde muone a chaka chino pa webusaiti ya bungwe lawo lotolera msonkho la ZRA, koma mwaona kale kuti ndalama yoposa K2,700 yapita musanalipire lendi kapena kutumiza kanthu kwa ana, ndipo potumizapo palinso chodula ndi kusintha kwa mphamvu ya ndalama.

Kagawidwe ka besiki ndi maalawansi kaja musakaone ngati nkhani ya akalaliki, chifukwa ndalama yothokoza pakutha pa kontirakiti, giratuwite, imawerengedwa pa besiki yokha. Lamulo lawo la ntchito la 2019 limatchula 25 peresenti ya besiki pa kontirakiti yopitirira chaka. Pa besiki ya K7,000 kwa miyezi 24 ndi K42,000, koma K12,000 yonse ikanakhala besiki ikanakwana K72,000. Kusiyana kwa K30,000 kukuchokera pa mzere umodzi wa pepala. Komanso mu 2020 boma lawo linatulutsa malamulo ena opatula magulu ena a antchito pa ndime ya giratuwiteyi, kuphatikizapo ochokera kunja, nde inu musadalire kuti lamulo lidzakumenyerani nkhondo, ilembedwe mu kontirakiti momveka kuti ndi maperesenti angati, a chani, ndipo zidzatha bwanji ntchito ikathera panjira.

Zina ndi zachidule. Lamulo la ntchito la 2019 lija limati kontirakiti ya miyezi 6 kapena kuposa ikhale yolembedwa, maola ndi 48 pa sabata, ndipo nthawi yokuyesani ntchito ndi miyezi 3 yomwe itha kuonjezeredwa ndi ina 3 basi. Za ovataimu zilembedwe, pa ntchito ya misewu ndi pomwe anthu amadyeredwa kwambiri, mashini akafa Loweruka usiku amadzutsa makaniko. Malipiro azilowa ku banki ndipo mwezi uliwonse muzilandira peyisilipu, kenako mukapeza nambala yanu ya NAPSA muziona nokha ngati zomwe akudula zikufikadi, chifukwa alipo amadula pa pepala koma osapereka. Bwana amene akuti tizikupatsani pamanja kuti musadulidwe msonkho akukuchotserani umboni woti munagwirapo ntchito. Ilembedwenso nkhani yoti thiransipoti yobwerera kwanu adzalipira ndani, makamaka akakuchotsani nthawi isanakwane, paja ntchito ikatha chifukwa chokhalira m'dzikomo chathanso.

Mukakhala ndi pemiti ndi kontirakiti, zikavuta muli ndi kopita. Mumayamba ndi kulembera kampani kalata, zikakanika mumapita ku ofesi ya zantchito ya m'boma lomwe mukugwirako, ndipo kukakanikanso pali nthambi ya khoti lalikulu yoona milandu ya pantchito, komwe dandaulo limayenera kulowa pasanathe masiku 90. Masiku amenewa amatha msanga munthu akamangouzidwa kuti bwerani mawa.

Nde lero lomwe alembereni uthenga waulemu, muwauze kuti ntchito mwailandira ndi manja awiri koma mukupempha zinthu zitatu musananyamuke: kontirakiti yosainidwa ndi kampani yoonetsa besiki, maalawansi ndi zodula zonse, mndandanda wa mapepala omwe akufuna kwa inu kuti apemphe pemiti, ndi kalata ya imigireshoni ikatuluka. Mauthenga onse a pa WhatsApp aja muwasunge, ajambuleni muwatumizenso ku imelo yanu. Ngati muli pa ntchito ina pakali pano musapereke notisi mpaka kalata ya imigireshoni ija mutaigwira. Kontirakiti ikabwera muionetse kwa loya musanasaine, makamaka ndime ya zodula ndi ya kathetsedwe ka ntchito.