Kufewetsa nkhani popanda kupeputsa womvera

"Ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo nthawi zina aphunzitsi amandiitana kuti ndikalankhule ndi ana a Sitandade 6. Ndikafotokoza momwe ndinaphunzirira, anthu amangondiyang'ana. Ndikati ndifewetse, ndimamveka ngati ndikuwerenga chikwangwani, ndipo alimi achikulire amaoneka kuti sizikuwasangalatsa. Kodi ndingatani kuti zimveke mosavuta koma zikhalebe zolankhula za munthu?"

Alangizi, kalata yanu yandikhudza pamene ndimamva kuwawa, chifukwa bambo anga anali mmodzi wa alimi achikulire amene mukuwanenawo. Ndili mnyamata ndinawaperekeza ku msonkhano wina wa alimi, kumene mlendo wophunzira bwino anabwera kudzafotokoza ubwino wolima mbewu za mtundu wa nyemba. Anayamba ndi mawu a m'buku, ndipo ataona kuti anthu sakumutsatira, anasintha mwadzidzidzi n'kuyamba kulankhula mokweza ndi modukizadukiza: "Nyemba ndi zabwino. Nyemba zimathira feteleza. Bzalani nyemba. Mwamva?" Anthu anayankha kuti amva, monga mwaulemu wawo. Pobwerera bambo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Munthu uja amayesa kuti takalamba osaona mizu ya mtedza." Anali atalima mtedza kuyambira ubwana wawo, ankadziwa kuti chimanga chobzalidwa pamene chaka chatha panali mtedza chimabiriwira kuposa chinzake, ndipo timibulu ta pa mizu anali atatiphwanyapo ndi chikhadabo kambirimbiri. Chimene sankadziwa chinali chimodzi chokha, chakuti timibuluto ndi kubiriwirako n'zogwirizana. Chimodzi chimenecho ndi chimene mlendoyo anachichotsa pofuna kufewetsa.

Pambuyo pake ndinaphunzitsa ku pulayimale, ndiponso ndinakhala ndi magulu a alimi, ndipo maganizo anga pa nkhaniyi anangolimbirabe. Anthu ambiri akamafewetsa amadula malo olakwika. Amasiya mfundo zonse zili chikhalire, zambirimbiri, koma amachotsa mawu olumikiza monga "chifukwa", "ndiye", "koma", "zikatero", poganiza kuti chiganizo chachifupi ndiye chosavuta. Zotsala zimakhala malamulo ondondozana, ndipo n'chifukwa chake mumamveka ngati chikwangwani. Palibe munthu amene amalankhula choncho kwa mnzake amene amamulemekeza. Mvetserani mlimi akufotokoza chifukwa chimene sanabzalire ndi mvula yoyamba, mudzamva chiganizo chachitali chokhala ndi zifukwa ziwiri kapena zitatu, ndipo anzake onse amachitsata osavutika. Chimene chimalemetsa nkhani ndi kuchuluka kwa zinthu zachilendo zimene womvera ayenera kusunga m'mutu nthawi imodzi. Zimenezo ndi zoyenera kuchepetsa, ndipo mawu olumikiza asakhudzidwe.

Tiyeni titenge nkhani ya timibulu yomweyi, popeza inunso muyenera kuti mumaifotokoza. M'buku imayenda motere: mpweya umene tili nawowu, magawo pafupifupi 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni, koma mbewu sizitha kumugwiritsa ntchito ali mu mpweya. Mabakiteriya otchedwa rizobiyamu amalowa m'mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba, muzuwo umapanga timibulu, ndipo m'menemo mabakiteriya amasandutsa nayitirojeni kukhala chakudya chimene mbewu ingamwe, pamene mbewuyo imawapatsa shuga wopangidwa m'masamba. Zonsezi n'zoona, koma werengani zachilendo zimene zilimo: nayitirojeni, bakiteriya, rizobiyamu, magawo 78 pa 100, shuga wa m'masamba. Komanso bukulo likuyambira mu mpweya, ku chinthu chosaoneka, n'kumalizira pa chimene munthu angachigwire. Womvera amene si wa sukulu yapamwamba amafuna ulendo womwewo, koma woyambira kumapeto.

Kwa alimi ndimayambira m'munda, khasu lili m'manja, mbewu zikamayamba maluwa, pakuti nthawi imeneyo ndi pamene timibulu timakhala tambiri ndiponso tikugwira ntchito. Phandolo liyenera kukumbidwa ndi dothi lake n'kutsukidwa m'madzi pang'onopang'ono, chifukwa mukazula ndi mphamvu timibulu tambiri timatsalira m'nthaka. Ndimapempha mlimi mmodzi kuti aphwanye kambulu, anene yekha mtundu umene akuona m'kati. Akatero ndimalankhula mofanana ndi izi: "Timibulu timeneti mumatidziwa kale, koma mwina simunauzidwe kuti m'kati mwake mumakhala tizilombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo iti si toononga. Ntchito yake ndi kutenga chakudya cha mbewu kuchokera mu mpweya, chakudya chomwe chija mumachifuna pothira feteleza wobereketsa, chimene chimabiriwiritsa masamba. Ndiye mukaphwanya kambulu n'kupeza m'kati muli mofiira, dziwani kuti tizilomboto tikugwira ntchito, koma mukapeza moyera kapena mobiriwira, pamenepo palibe chimene mbewu ikupindula." Onani kuti ziganizozo n'zazitali ndithu, koma chachilendo chenicheni ndi chimodzi, tizilombo tothandiza, ndipo nayitirojeni ndamumangirira ku chinthu chimene mlimi amachidziwa ndi maso. Dzina lakelo ndimalitchula pambuyo, anthu atamvetsa kale, chifukwa adzakumana nalo pa thumba la feteleza ndipo ali ndi ufulu wolidziwa.

Apa mpamene ndimakwiya ndi mawu akuti "nyemba zimathira feteleza m'nthaka". Ndi afupi, ndi okoma m'kamwa, koma amasocheretsa. Gawo lalikulu la nayitirojeni amene mbewu yapeza limapita m'njere, ndipo njerezo timakolola n'kuchoka nazo. Chotsalira munda ndi chimene chili m'masamba, m'mapesi ndi m'mizu, ndipo chimalowa m'nthaka zinthuzo zikaola. Mlimi amene wauzidwa kuti mbewu imathira yokha feteleza saona vuto kutentha masangwi kapena kuwachotsa onse m'munda, ndipo akatentha, nayitirojeni wambiri amapita ndi utsi. Chaka chotsatira chimanga chikachita chikasu, amanena kuti alangizi ananama, ndipo sindingamuimbe mlandu. Palinso mfundo yakuti mbewuzi sizifanana mphamvu, pakuti nyemba zimatenga nayitirojeni wochepa poyerekeza ndi nandolo, soya kapena mtedza. Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: ngati womvera atachita ndendende zimene chiganizo changa chanena, kodi apindula kapena aluza? Chiganizo chofewa chimene chingaluzitse munthu n'choipa kuposa chovuta chimene sanachimve, chifukwa chovutacho sichimutuma kukachita kanthu. Choncho ndimaonjezera kuti, "Chakudya chimenechi mbewu imadzitengera yokha choyamba, ndipo munda umalandira zotsala mukasiya masangwi kuti aolere momwemo." Chiganizo chimodzi chaonjezeka, koma nkhani yakhala yoona.

Ndionjezere kanthu kena kamene alimi eni ake amafunsa, chifukwa kufewetsa kwabwino kumayembekezera funso lotere. Wina adzakuuzani kuti mizu ya tomato wake nayonso ili ndi zotupa, ndiye kodi tomato nayenso amathandiza nthaka? Ayi, zimenezo zimayambitsidwa ndi tinyongolotsi toononga mizu. Kusiyanitsa kwake n'kwa m'manja: kambulu kabwino kamakhala kambali kwa muzu ndipo kamathothoka mukakakhula ndi chala, pamene chotupa cha matenda ndi muzu womwewo umene wafufuma, ndipo sichichoka popanda kuthyola muzu. Mukasiya mfundoyi poopa kuchulutsa, mlimi adzaona nthenda n'kumasangalala.

Nanga kwa ana a sukulu

Mwana ndi wosiyana ndi mlimi, ndipo kuwalankhula mofanana n'kulakwira onse awiri. Mlimi anaona zambiri koma alibe dzina lake ndi chifukwa chake. Mwana wa Sitandade 6 mayina saopa, amawakonda ndipo amawaloweza msanga, koma nthawi zambiri sanayang'anitsitsepo muzu. Vuto lake n'lakuti angathe kunena "bakiteriya" mosajejema n'kukhoza mayeso, m'mutu mulibe chithunzi chilichonse. Choncho kwa ana ndimachedwa pa kuona. Gulu lililonse limalandira muzu wa mtedza ndi muzu wa chimanga, liyerekeze, lijambule, liwerenge timibulu, lisanamve kanthu kuchokera kwa ine. Kenako ndimapereka fanizo limodzi: mabakiteriya ali ngati munthu wochita lendi, mbewu imamupatsa nyumba ndi chakudya, iye amalipira ndi nayitirojeni. Fanizo limeneli likhale lokhalo mpaka phunziro lithe, pakuti mukaonjeza lachiwiri ana amayamba kuloweza mafanizo m'malo mwa nkhani. Dzina lakuti bakiteriya ndimalilemba pa bolodi, lakuti rizobiyamu ndimalisiya, ndipo magawo 78 pa 100 aja ndimangoti gawo lalikulu la mpweya. Chimene sindilola ndi kuchepsa mawu ndi kutafuna lilime ngati ndikulankhula ndi khanda. Ana a msinkhu umenewu amazindikira msanga munthu wamkulu akamadzipangitsa, ndipo amasiya kumvera nkhani n'kuyamba kuonerera iyeyo.

Funso lakuti "mwamva?" lisiyeni, kwa ana ndi kwa akulu omwe. Yankho lake limadziwika musanafunse. Funsani chinthu chimene simunachinene koma chimene womvetsa angachipeze yekha. Kwa ana: "Tikabzala soya m'dothi limene mulibe mabakiteriya amenewa, mizu yake idzaoneka bwanji, nanga masamba?" Amene wamvetsa adzati timibulu sitidzakhalapo ndipo masamba adzatuwa. Kwa alimi funso lomwelo limatsegula nkhani ya inokulanti wothira ku mbewu ya soya, ndipo munthu amene wamva kuti m'paketimo muli tizilombo tamoyo sachedwa kumvetsa chifukwa chake mbewu yosakanizidwayo imaumitsidwa pamthunzi n'kubzalidwa tsiku lomwelo. Simufunikanso kumupatsa zimenezi ngati malamulo osiyanasiyana, chifukwa zonse zikuchokera pa mfundo imodzi.

Tsono pokonzekera phunziro lanu lotsatira, musayambe ndi kulemba. Sankhani chinthu chimodzi chimene omvera achite kapena achidziwe pochoka, pezani chogwirika choyambirapo, ndipo mufotokozere munthu wa pakhomo panu pakamwa, mukumuyang'ana. Pamene wakwinya nkhope ikanipo chitsanzo, ndipo pamene wakufunsani funso, yankho lake lilowe m'phunziro. Mukatero lembani momwe munalankhuliramo, muwerenge mokweza, ndipo muchonge mawu achilendo onse. Akapitirira awiri kwa alimi kapena atatu kwa ana, ena adikire tsiku lina.