Magetsi akuzilala galimoto ikaima, ndikaponda moto akuwala: ndi batire kapena alitaneta?

"Achimwene, ndili ndi Toyota Probox. Usiku ndikaima pa maloboti magetsi akutsogolo amazilala, amakhala achikasu ngati nyali, koma ndikangoponda moto amawalanso bwinobwino. Galimoto ikulira ndithu mmawa, kanyale ka batire pa dashibodi sikakuyaka. Anzanga akuti ndigule batire yatsopano. Ndigule?"

Achimwene, ndalamazo ziyambe zakhala kaye mthumba. Batire itha kukhala ndi mbali yake inde, koma injini ikalira amene amadyetsa magetsi onse mgalimoto ndi alitaneta, batire ntchito yake yaikulu imathera pa kuliza sitata basi, kenako nayonso imakhala ikudikira kupatsidwa. Ndiye kuwala kukamatsatira phazi lanu, chimene mukuona ndi mphamvu ya alitaneta ikukwera ndi kutsika.

Alitaneta imazunguzidwa ndi fanibeluti, ndipo pule yake ndi yaying'ono kuposa ya injini moti imazungulira kawiri ndi theka kapena katatu injini ikazungulira kamodzi. Probox ikaima osaiponda imakhala pa ma revu pafupifupi 700, apo alitaneta ili pafupi ndi 2000. Maampu amene amalembedwa pa alitaneta aja, tinene 80, imawatulutsa ikamathamanga kwambiri, cha mma 6000 ake. Pa aidilingi imatha kupereka theka lokha kapena kupitirirako pang'ono, olo ikhale yabwinobwino. Tsono werengerani zimene zikudya. Mababu awiri a H4 pa dimu ndi mawati 55 lililonse, onse pamodzi maampu pafupifupi 9. Magetsi akumbuyo, a nambala ndi a pa dashibodi onjezanipo ena atatu kapena anayi. Pampu ya petulo, makoilo ndi kompyuta ya injini zimadya cha mma 10. Fani ya mkati mukaitsegula mpaka kumapeto ndi 10 mpaka 15, fani ya ladiyeta ikadzuka ndi ena otero, ndiye mvula ikamagwa muyatsenso mawaipa ndi chochotsa nthunzi pagalasi lakumbuyo. Mwafika kale pa 50, pamene alitaneta ikupereka mwina 40 kapena 45. Otsalawo akuchoka mbatire, ndipo mavoti amatsika kuchoka pa 14 kupita ku 12 ndi kenakake komwe batire imakhala.

Kutsika kumeneko kumaoneka kochepa pa mita koma diso limakuona kwambiri chifukwa babu ya halojeni siikhululuka. Mavoti akachoka pa 14.2 kufika pa 12.6, kuwala kumachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, nkuyamba chikasu chimene mukunenachi. Nchifukwa chake kuphethira pang'ono fani ya ladiyeta ikamadzuka, kapena kuzilala pang'ono mutayatsa chilichonse, sindikuwerengera ngati vuto. Vuto ndi loti mwangoyatsa magetsi okha, china chilichonse nchozima, koma akuzilalabe moonekeratu. Pamenepo katundu ndi wochepa, maampu 25 okha kapena osafika nkomwe, alitaneta yamoyo siyenera kulephera.

Kanyale ka pa dashibodi musakadalire. Nthawi zambiri kamayaka alitaneta ikasiyiratu kutchaja, yomwe ikutchaja mwaulesi imatha kukhala miyezi kanyaleko kali chete.

Pezani malitimita, ngakhale yotchipa ya mmashopu a zamagetsi ija ikwana. Ikani pa DCV 20, waya wofiira ku mutu wa + wa batire, wakuda ku −, ndipo muzigunda pa mtovu weniweniwo osati pa kalampu. Yambani mmawa galimoto itagona usiku onse musanailize. Batire yodzadza imaonetsa 12.6, pa 12.4 yatsikako koma ilipo, 12.2 ndi theka, pansi pa 12 ndiye yaphwa. Kenako lizani, injini itenthe mpaka ma revu akhazikike, muwerengenso zonse zili zozima: muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.4. Yatsani magetsi okha muwerenge. Yatsani zonse, fani, mawaipa, cha pagalasi chija, muwerenge. Zikadali zoyaka choncho wina aponde moto mpaka 2000 agwire pomwepo, muwerenge komaliza. Lembani manambala onsewo papepala, chifukwa nambala imodzi payokha siinena kanthu, nkhani ili pa mmene akusinthira.

Ndikupatseni ya Probox ina ngati yanuyo imene tinaiyezapo, ya bambo wina amene amanyamula katundu wa mmagolosale, iyeyo anali atagula kale batire yatsopano koma magetsi osasintha. Mmawa batire yatsopanoyo inaonetsa 12.3, zomwe zinatiuza kale kuti siikudzadza. Pa aidilingi zonse zozima 13.9, wina akanaona apa nkunena kuti alitaneta ilibwino, ndipo amagetsi ambiri ofulumira amathera pomwepa. Titayatsa magetsi okha inagwa kufika 12.9. Titayatsa zonse 12.1 ndipo imapitirira kutsika pang'onopang'ono, kusonyeza kuti batire ndi imene yasenza galimoto. Pa ma revu 2000 inakwera kufika 13.4 nkuima pomwepo, osafika 14. Nambala yomalizayi ndi imene inatsegula nkhani. Alitaneta yabwino imene yangochulukidwa katundu pa aidilingi, mukaiponda imabwerera ku 13.8 kapena 14 msangamsanga. Iyi inali yofooka paliponse, kungoti pa aidilingi mpamene zimaonekera.

Tisanaimasule tinayamba ndi zotchipa, ndipo inunso muyambe pomwepo. Fanibeluti: injini itazima dinani ndi chala chachikulu mwamphamvu pakati pa mapule awiri, izilowa pafupifupi sentimita imodzi basi. Yang'anani mkati mwake mmizere muja, ikakhala yonyezimira ngati yapakidwa polishi kapena yang'alukang'aluka ndiye ikutsetsereka, ndipo kawirikawiri imalira kuti tswiii mmawa kapena mukangoyatsa zinthu zambiri. Pa injini zambiri za 1NZ lamba amakungidwa pokankha alitaneta yomweyo pa kachitsulo kake nkumanga bauti, ntchito ya mphindi zochepa, koma osakunga mopyola muyeso mungaphe mabeyaling'i. Ya bamboyo lamba anali bwino.

Kenako mawaya. Injini ili pa 2000 zonse zoyaka, ikani waya umodzi wa mita pa bauti yaikulu ya kumbuyo kwa alitaneta, imalembedwa B kapena B+, winawo pa + ya batire. Apa simukuyeza 14, mukuyeza mavoti amene akutayika mnjira, ndiye nambala izikhala yaying'ono, 0.2 kapena 0.3. Chitaninso chimodzimodzi pakati pa thupi la alitaneta ndi − ya batire, isapitirire 0.2. Mukaona 0.6 kapena 0.8 ndiye alitaneta ikutulutsa koma magetsi akuthera pa teminolo ya zoyerayera zija kapena pa waya wa ethi wochoka ku injini kupita ku bodi umene wachita dzimbiri kapena unasiyidwa osamangitsa atatsitsa giyabokosi. Sandipepa ndi sipanala basi zathetsa. Chenjerani ndi bauti ya B ija, ili ndi moto nthawi zonse olo kiyi atachotsedwa, chitsulo chikagunda apo ndi bodi nthawi imodzi kumathetheka zoopsa, komanso malaya ndi mawaya a mita azikhala kutali ndi lamba. Apanso ya bamboyo inali bwino, 0.2 ndi 0.1.

Chotsala chinali mkati mwa alitaneta, ndipo mmenemo zimene zimapanga khalidwe lotere ndi ziwiri makamaka. Choyamba mabulashi, timakala tiwiri timene timapereka moto ku chozungulira cha mkati kuti chikhale maginito. Tikaperepeseka sitikhudza bwino, maginito amafooka, ndiye pa ma revu otsika mphamvu imasowa, liwiro ndi limene limabisa. Chachiwiri madayodi. Alitaneta imapanga magetsi a AC mmakoilo atatu, madayodi asanu ndi limodzi kapena kuposa nkuwasandutsa DC. Imodzi ikapsa, alitaneta siifa, imangotaya gawo lalikulu la mphamvu zake nkumapitirira kugwira ntchito motsimphina. Zizindikiro zake ndi kulira kwa wiii kotsatira ma revu, nthawi zina kumamveka mpaka mu wailesi, alitaneta kutentha kwambiri, ndipo dayodi ikapsa moshota imathanso kukama batire usiku galimoto itaima. Kuyeza kwake sinthani mita ipite pa ACV, muyeze pa B+ ndi thupi la alitaneta magetsi ali oyaka. Yabwino imaonetsa kochepa kwambiri, cha mma 0.1, kupitirira 0.5 ndiye kayikirani madayodi. Koma apa mita zotchipa zija zimanama, zina zimakuonetsani 28 kapena 30 chifukwa sizitha kusiyanitsa AC ndi DC, mukaona choncho si galimoto yanu, bwerekani mita yabwinoko. Ya bamboyo inaonetsa 0.7. Wamagetsi atatsegula anapeza dayodi imodzi yakufa, mabulashi nawonso atatsala pang'ono, anasintha mbale ya madayodi ndi mabulashi, alitaneta yomweyo nkubwezeretsa. Titayezanso, magetsi okha pa aidilingi 14.0, zonse zoyaka 13.3, kuponda pang'ono 14.1. Batire yakale imene anaitaya ija mwina inalibe mlandu.

Yang'ananinso singano ya ma revu mukaima. Ngati ikugwa kufika 500 galimoto nkumanjenjemera mukayatsa magetsi, alitaneta ikungolakwiridwa, vuto ndi aidilingi yotsika, kawirikawiri thulotulo yadzadza mwaye ikufuna kutsukidwa. Ndipo ngati munaikamo ampu ya nyimbo, masipotilaiti kapena mababu a mawati 100 aja, zimitsani kapena chotsani kaye musanayeze, chifukwa mababu amenewo awiri okha akudya maampu 15 kapena 16 mmalo mwa 9.

Batire muiganizire pokhapokha manambala a alitaneta atatuluka bwino koma mmawa ikumapezekabe pansi pa 12.2 mutaitchaja mokwanira, kapena ikamagwa kufika pansi pa 9.6 nthawi imene sitata ikuzungulira. Batire yotopa imakulitsa kuzilala chifukwa alitaneta ikapelewera palibe wogwirizira, mavoti amangogweratu. Kwa owerenga ena amene muli ndi galimoto zatsopanoko, makamaka zozima zokha pa maloboti zija, kompyuta imatsitsa dala mavoti mpaka 12.5 kapena 13 batire ikadzadza, ndiye musathamangire kumasula alitaneta, yatsani magetsi muone ngati akukwera. Za haibulidi ngati Aqua ndi Prius zilibe alitaneta nkomwe, zonsezi sizikukukhudzani.

Wina akakuuzani kuti tichotse teminolo ya batire injini ikulira tione ngati izime, kanani. Batire ndi imene imameza kudumpha kwa mavoti, mukaichotsa mavoti amatha kulumpha nkuotcha legileta yoyang'anira mavoti a alitaneta, madayodi omwewo kapena kompyuta ya injini, komanso alitaneta ya dayodi imodzi yakufa imapambana mayeso amenewo bwinobwino injini osazima. Yezani mawa mmawa munditumizire manambala asanu aja, komanso mundiuze ngati muli ndi ampu ya nyimbo mgalimotomo.