Kodi "akuti" ndi chizindikiro cha gwero la nkhani m'Chichewa?

"Kuno ku Ulongwe atipatsa ntchito yolemba za evidensiyalidade. Ati zilankhulo zina zimaonetsa pa mneni ngati munthu anaona yekha chinthu kapena anachita kuuzidwa. Nanga Chichewa chathuchi chili nazo? Ine ndimafuna kulemba kuti 'akuti' ndi 'mwina' ndi zomwezo. Ndalakwa?"

Achimwene, pa "mwina" mwaphonya, koma pa "akuti" mwayandikira. Chichewa chili ndi njira zambiri zonenera kumene tatenga nkhani, koma galamala yake siyitikakamiza kutero. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu wa chilankhulo chilichonse akhoza kunena kuti ndinaona kapena ndinamva. Chimene akatswiri amafunsa nchakuti: kodi mungamalize chiganizo osanena gwero, chiganizocho nkukhalabe cholondola?

Tiyambe ndi chilankhulo chimene yankho lake ndi ayi. Chituyuka chimalankhulidwa kumalire a Kolombiya ndi Braziwu, ndipo Janet Barnes anachifotokoza mu 1984. Kumeneko simunganene kuti "anasewera mpira" nkulekera pomwepo. Tsinde la mneni ndi ape, ndipo kumapeto kwake muyenera kusankha chimodzi mwa zisanu (ndazilemba popanda timizere ta pamwamba). Apewi ndiye kuti ndinamuona akusewera. Apeti, ndinamva phokoso la masewerawo koma sindinaone. Apeyi, ndinapeza zizindikiro, monga mapazi a nsapato zake pabwalo. Apeyigi, wina anandiuza. Apehiyi, palibe chomwe ndinaona kapena kumva, kungoti nzeru ikundipatsa kuti zinatero. Kamphatikiza komweko kamanyamulanso nthawi ya mneni ndi mwininkhani, choncho mukakachotsa mneni amatsala wosatha. Alexandra Aikhenvald, mu buku lake la 2004 la nkhani imeneyi, anayerekeza kuti mwa zilankhulo zinayi zilizonse chimodzi chili ndi zizindikiro za gwero m'galamala yake, ngakhale zambiri zimangosiyanitsa ziwiri kapena zitatu. Ku Afirika kuno nzosowa kwambiri.

Tsopano tibwere kwathu. Tinene kuti ng'ombe zadya chimanga m'dimba ku Domwe, mlandu wafika kwa anyakwawa, ndipo anthu anayi akulankhula. Woyamba anali pachulu akuona. Wachiwiri anali m'nyumba usiku, anangomva mapesi akuthyoka ndi ng'ombe zikulira. Wachitatu anafika m'mawa napeza ziboda, ndowe ndi mpanda wogwa. Wachinayi anauzidwa kuchigayo. Onse anayi akhoza kunena kuti "Ng'ombe za a Phiri zadya chimanga," ndipo palibe amene walakwitsa Chichewa. Nchifukwa chake anyakwawa amayenera kufunsa kuti, "Munaona ndi maso anu, kapena munachita kumva?" Mu Chituyuka mneni akanayankhiratu funsolo.

Akafunsidwa chotero, aliyense ali ndi ponenera pake, ndipo apa pali kanthu kokoma kamene ambiri sakazindikira. Woyamba anena kuti "Ndinaziona zikudya." Wachitatu anena kuti "Ndinaona kuti zadya." Mneni ndi yemweyo, kuona, koma kulowa kwa "kuti" kwasintha gwero. Popanda "kuti", maso anagwira chochitikacho chili mkati. Pakakhala "kuti", maso akhoza kukhala kuti anangogwira zotsalira, mutu nkumalizitsa. Pa kumva zimaonekera bwino koposa. Wachiwiri anena kuti "Ndinazimva zikuthyola mapesi," khutu lake lomwe. Wachinayi anena kuti "Ndinamva kuti zinathyola mapesi," ndipo aliyense adziwa kuti imeneyi ndi mphekesera. Kumbukiraninso kuti kumva kwathu sikwa khutu lokha. Timamva fungo, timamva kukoma, timamva kuzizira. Zilankhulo zingapo za ku Amazoni zimaikanso zonsezi pa chizindikiro chimodzi cha zimene sunaone ndi maso. Kusiyana kwake nkwakuti kwathu ndi mneni wathunthu amene timamuika tikafuna.

"Akuti" ndi amene ayenera kumutayira nthawi. Gwero lake ndi mneni -ti, ndipo nthawi zambiri amagwirabe ntchito ngati mneni aliyense: ndikuti, ukuti, akuti, anati, adzati. Mu "Agogo akuti mubwere" muli mwininkhani wodziwika, ndipo mukasintha mwininkhaniyo mneni amatsatira: "kalata ikuti", "malamulo akuti", "chikwangwani chikuti". Koma tamvani ichi: "Akuti feteleza wakwera ku Tsangano." Akunena ndani? Palibe amene watchulidwa, ndipo wolankhulayo mwina sangathe nkomwe kumutchula. Mawuwo ananenedwa dzana, komabe sitinena "anati". Mwina anachita kuwerenga pafoni, komabe sitinena "uthenga ukuti". Nthawi yauma, mgwirizano wauma, chatsala ndi tanthauzo limodzi lokha, lakuti izi nzomva. Mpaka amatha kubwera kumapeto ngati chokumbukira mochedwa: "Feteleza wakwera, akuti." Chidule chake "ati" chimachitanso zomwezo potumikira uthenga, monga mwachitira inu m'funso lanu. Umu ndi mmene zizindikiro za nkhani yomva zimabadwira m'zilankhulo zambiri: mneni wa kunena amafota nkusanduka kachidutswa. Chisipanishi cha ku Amerika chili ndi dizque, chochokera ku mawu otanthauza "akunena kuti", ndipo Chipwitikizi cha ku Braziwu chili ndi diz que. Ine ndingalembe kuti "akuti" ali panjira yomweyo koma sanafike, chifukwa mukhoza kumusiya ndipo palibe amene angakukonzeni. Angakuneneni bodza, koma osati kuthyola chilankhulo.

Chifukwa chomwe "mwina" sakulowa m'gulumu nchakuti amayeza chinthu china. Iye amanena kukula kwa chikhulupiriro chanu, osati njira imene nkhani yadzera. Muziyese motere. Nenani kuti "Akuti basi ya ku Tete yachita ngozi, koma ndi bodza." Zikumveka. Nenaninso kuti "Akuti basi ya ku Tete yachita ngozi, ndipo ndi zoona." Zikumvekanso. Ndiye kuti "akuti" payekha sanena ngati mukukhulupirira kapena ayi. Tsopano yesani "Mwina basi yachita ngozi, koma ndi bodza." Apa mwadzitsutsa nokha. Anthu amasokoneza ziwirizi poganiza kuti chomva nchokayikitsa nthawi zonse, pamene sizili choncho. Tsiku limene munabadwa munachita kuuzidwa, koma simulikayikira. Ndipo chimene munaona ndi maso chamadzulo kuli chisisira mukhoza kuchikayikira.

"Zikuoneka kuti" ndi "ayenera kuti" ali pakatikati, ndiye muwasamale. "Zikuoneka kuti ng'ombe zinalowera apa" amafuna chizindikiro chimene mungaloze, ziboda zija. "Ziyenera kuti zinalowera apa" sachifuna, amangodalira zomwe mukudziwa kale, monga kuti mpanda wa mbali imeneyo ngofooka. Kusiyana kumeneku ndi komwe kuli pakati pa apeyi ndi apehiyi. Koma onse awiri amanyamulako kachikayiko, chifukwa "Zikuoneka kuti zinalowa, koma sizinalowe" amafuna kufotokozera kwina kuti amveke, pamene "akuti" sanavute.

Msampha wina uli pa nthawi ya mneni. Mukadzuka nkupeza pabwalo pali matope mumati "Mvula yagwa," ngakhale simunaione. Ena amathamangira kunena kuti -a- ameneyu ndi chizindikiro cha kudziwa chinthu poona zotsalira. Ganizolo silopanda maziko, chifukwa m'zilankhulo monga Chitheki cha ku Turkey zinayendadi choncho: geldi ndi "anabwera", wolankhula akuikira umboni yekha, pamene gelmish (ndalemba mmene amamvekera) ndi "anabwera, ndamva" kapena "anabwera, ndaona zizindikiro". Koma kwathu mukhoza kunena kuti "Mvula yagwa ine ndikuona" popanda kudzitsutsa. Ntchito ya -a- ndi kuonetsa kuti zotsatira za chochitikacho zikadalipo, basi. Nayenso "kani", monga mu "Kani mwabwera!", ndi wa kudzidzimuka ndi chinthu chimene wangochizindikira kumene. Mu Chitheki kamphatikiza ka -mish kamagwiranso ntchito imeneyo, nchifukwa chake mabuku amazitchula moyandikana, koma "kani" sanena ngati mwaona, mwamva kapena mwauzidwa.

Mukafuna zitsanzo zanuzanu, musapite kwa anthu ndi ziganizo za Chipwitikizi kuti akumasulireni. Akupatsani zomangidwa motsatira Chipwitikizicho, ndipo mudzaganiza kuti mwapeza lamulo la Chichewa pamene mwangopeza mthunzi wa funso lanu. Atolankhani a Chipwitikizi ali ndi kalembedwe kawo, monga "terá fugido", komwe mawonekedwe ake ndi a mtsogolo koma tanthauzo lake ndi "akuti anathawa". Womasulira wosasamala amalemba "adzakhala atathawa", kapena amangoti "anathawa", nkhani yomva nkusanduka yotsimikizika. Njira yabwino ndi kutenga chochitika chimodzi, monga cha ng'ombe chija, nkumuika munthu pamalo anayi aja limodzilimodzi: muli pachulu, muli m'nyumba, mwafika m'mawa, muli kuchigayo. Pa malo aliwonse mufunseni kuti akawauza bwanji amfumu. Lembani mawu ake enieni. Kenako chotsani mawu amene mukuwaganizira kuti ndi a gwero, muwerengereni chotsalacho, mufunse ngati chikadali Chichewa chabwino. Funsani achikulire ndi achinyamata padera, ndipo mulembe kwawo kwa aliyense, chifukwa wa ku Furankungo ndi wa ku Zobwe sangafanane pa chilichonse, ndipo amene amalankhulanso Chinyungwe akhoza kusakaniza.

Chinthu china choti mutchere khutu pojambula mawu ndi kutalika kwa mphamvu ya "akuti". Munthu amamuika kamodzi koyambirira nkupitiriza ziganizo zisanu: akuti ng'ombe zinalowa usiku, mbusa anali ataledzera, mwini wake anakana kulipira. Kodi kuledzera kwa mbusa nkomvanso, kapena wolankhulayo anakuona yekha? Chichewa sichikuuzani. M'zilankhulo zokakamiza zija chizindikiro chimabwerezedwa chiganizo ndi chiganizo, ndiye malire amaoneka. Kwathu womvera amadalira kamvekedwe ka mawu, kapena wolankhula abwereze "akuti", kapena adule ndi "koma ichi chokha ndinaona ndekha". Polemba zomwe mwajambula, ikani chizindikiro pamene "akuti" wayambira, ndipo mubwerere kwa wolankhulayo mukamufunse chiganizo chilichonse kuti ichi munachidziwa bwanji, musanasankhe nokha pamene wathera.