Juzi yokhuthala kapena jekete lotchinga mphepo?

"Abale ndithandizeni. Mu Julayi ndikukwera Mulanje mpaka pa Sapitwa, kenako tikapuma kunyanja. Ndalama ndili nazo za chovala chimodzi basi. Ndapeza juzi yokhuthala bwino ndi kajekete kopyapyala kanayiloni. Mnzanga akuti nditenge kajeketeko, koma ine ndikuona ngati sikafunda. Nditani?"

Achemwali, mverani mnzanuyo, tengani jeketelo. Juzi zopyapyala ziwiri kapena zitatu muli nazo kale kunyumba, ndipo zikalowa mkati mwa jeketelo zidzakufunditsani kuposa juzi yokhuthalayo ili payokha.

Juzi payokha siitulutsa kutentha. Kutentha kumachokera m'thupi lanu, ndipo ntchito ya juzi ndi kusunga mpweya umene thupi latenthetsa m'timipata ta ulusi wake. Mpweya wongokhala malo amodzi sulola kutentha kudutsa msanga, n'chifukwa chake juzi imakoma m'nyumba kapena m'mawa wa chisanu kopanda kamphepo. Koma timipata tomweto ndi totseguka. Mphepo ikawomba imalowa, n'kukankha mpweya wofundawo, n'kusiyapo wozizira. Thupi liutenthetsanso, mphepo iwuchotsanso, mpaka mphamvu zikuthereni. N'chimodzimodzi ndi momwe timauzirira phala la mwana kuti lizizire msanga: timangochotsa mpweya wotentha umene wakhala pamwamba pake. Juzi ikakhuthala imangochedwetsako pang'ono, koma mphepo imadutsabe. Nsalu ya jekete lija ndi yolukidwa mothinana kwambiri moti mphepo imangowomba kunja, mpweya wofunda n'kutsala mkati.

Tiwerengere ulendo wanu womwewu. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo ku Likhubula kumene ambiri amayambira n'kotsika ndi mamita oposa 2,000. Mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka. Tiyerekeze kuti kumunsi kuli madigiri 19, mukuyenda ndi malaya okha. Pansonga mudzapeza madigiri 5 kapena kuyandikira pamenepo. Kuzizira kotereku kukakhala kopanda mphepo, juzi yanu yokhuthala ikhoza kukwanira. Koma pansonga palibe mtengo kapena khoma, ndi miyala yokhayokha, ndipo mphepo ikafika pamalo okwera chonchi imathamanga kwambiri kuposa kuchigwa. Madigiri 5 omwewo, mphepo ikamathamanga makilomita 40 pa ola, khungu limamva ngati kuzizira kwatsika pansi pa 0, pamene madzi amaundana. Chasintha ndi liwiro limene thupi likutayira kutentha, ndipo liwiro limenelo ndi limene jekete limadula.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira ali kumunsi: thukuta. Mukamakwera kuchoka pa nyumba yogona ya Chisepo, yomwe ili pa mamita pafupifupi 2,200, mumakwawa pamiyala, thupi limatentha, msana wonse umanyowa pamene pali chikwama. Mukafika pamwamba n'kuima kuti mujambule zithunzi, thupi limasiya kutulutsa kutentha kochuluka kuja, koma zovala zikadali zonyowa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya maulendo pafupifupi 25, ndipo mphepo ikamaumitsa chovala chonyowa, kutentha koumitsirako imakutenga pakhungu lanu. Munthu amene amatuluka thukuta mphindi khumi zapitazo amayamba kunjenjemera. Onjezanipo chiperoni, chifunga chija cha mvula yowaza chimene chimakuta Mulanje miyezi yomweyi. Juzi imamwa chinyezi chimenecho, imalemera, ndipo siiuma msanga. Ikakhala ya thonje ndiye zoipiratu, chifukwa thonje likanyowa silifunditsa n'komwe. Ya ubweya imayesetsako.

Ndiye kavalidwe kake nkotere. Pakhungu valani malaya osasunga madzi, monga aja ovala osewera mpira. Pamwamba pake juzi yopyapyala, ina ikhale m'chikwama yokutidwa m'jumbo kuti isanyowe. Pokwera m'malo obisika jekete likhale m'chikwama kapena lotsegula zipi, kuti musadzinyowetse ndi thukuta. Mukangotulukira pamtetete, kapena mukangoima, livaleni nthawi yomweyo musanayambe kumva kuzizira. Apa ndikutsindika, chifukwa anthu amadikira mpaka mano ayambe kugundana, pamene kutentha kumene jekete likanasunga kwapita kale.

Kunyanja nkhani imasiyana pang'ono. Nyanja ya Malawi ili pansi, mamita osafika 500, choncho chisanu chake sichifanana ndi cha kuphiri. Koma nthawi imeneyi ndi ya mwera, mphepo yochokera chakumwera imene imawomba motsata kutalika kwa nyanja, makilomita oposa 500 opanda choitchinga, ndipo imatha masiku osaleka. Mukakwera boti mafunde amakuwazani madzi, mphepo n'kumaumitsa, madzi n'kubweranso. Kapena mwatuluka kosambira dzuwa likulowa. Juzi pamenepo imangosanduka chinthu chonyowa chokukakamirani pathupi, pamene jekete madzi owaza amangotsetsereka. Amene anagonapo panja pa sitima ya Ilala usiku wa mwera akhoza kuikira umboni.

Posankha pakaunjika, musakhulupirire maonekedwe. Gwirani nsaluyo pakamwa n'kuuzira mwamphamvu, dzanja lili kuseri. Mukamva mpweya wambiri padzanja, lisiyeni. Mukamva pang'ono kwambiri kapena osamva konse, ndi lomwelo. Yesani zomwezo pa juzi ija muone kusiyana kwake. Kenako onani malo amene mphepo imalowera: zipi itseke mpaka pachibwano, m'manja mukhale lasitiki kapena chomangira, m'chiuno mukhale chingwe chokoka, ndipo likhale ndi chipewa chake chomangika, chifukwa khosi ndi makutu zimavutika msanga. Kukula kwake likwane juzi ziwiri mkati popanda kuzifinya, pakuti juzi yofinyika yataya mpweya umene umafunditsa. Lisakhalenso lalikulu mokupiza, chifukwa kukupizako kumapopa mpweya wofunda kunja.

Ndisakunamizeni kuti jekete ndi zonse. Lokhalokha pamwamba pa malaya silingakufunditseni, liyenera kukhala ndi chosunga mkati. Usiku mukakhala m'nyumba yogona paphiri, mphepo yatsala kunja, pamenepo ndi pofunika juzi ndi bulangete. Jekete lotchinga mphepo silitanthauzanso kuti silolowa mvula: chiperoni chopepuka lipirira kwa kanthawi, mvula yeniyeni ilowa, makamaka m'misoko. Renikoti yapulasitiki imatchinga zonse ziwiri, koma thukuta silituluka, ndiye muzitsegula pokwera. Ndipo nayiloni amasungunuka ndi kamoto kakang'ono kothetheka, choncho livuleni mukamaotha.

Muziyang'anirana ndi anzanu paulendowu. Munthu akamanjenjemera osaleka, zala zikukanika kutseka zipi, akupunthwa paliponse, mawu akutuluka ngati woledzera, ndiye kuti kutentha kwa m'thupi kukutsika, ndipo kukapita pansi pa madigiri 35 ndi ngozi. Kunjenjemera kukasiya koma iye akadali wosokonezeka, zafika poipa kwambiri. Mubiseni kuseri kwa mwala, asakhale pansi pozizira koma pachikwama, mumuvule zonyowa, mumuveke juzi youma ija ndi jekete pamwamba. Ngati akutha kumeza bwino, mpatseni tiyi wotentha wa shuga, osati mowa. Akayamba kupezako bwino, tsikani naye, ndipo wokuperekezani akanena kuti nyengo yaipa tibwerere, bwererani.