Mwala wagwa masekondi 3: chitsime n'chakuya bwanji?

"Ndinagwetsa mwala m'chitsime chathu, ndipo ndinamva kuti chubwi patatha masekondi 3. Mwana wanga wa kusekondale akuti ndi mamita 44, koma mnzake akuti safika pamenepo. Akunena zoona ndani?"

Zikomo bambo. Mnzakeyo ndiye walondola, ngakhale mwana wanu wayamba bwino. Iye wagwiritsa ntchito lamulo la chinthu chogwa chokha, pomwe h ndi kuya m'mamita ndipo t ndi masekondi:

```
h = 4.9 × t × t
```

Mukaika 3, mupeza mamita 44.1. Vuto ndi lakuti masekondi atatuwo si a mwala wokha. Mwala utafika pamadzi, phokoso linafunikanso nthawi kuti likwere mpaka kukhutu kwanu, ndipo mumpweya limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Nthawi imeneyo iyenera kuchotsedwa.

Chitani chonchi. Gawani 44.1 ndi 340, mupeza masekondi 0.13. Chotsani pa 3, atsala 2.87, ndipo amenewa mukawaika m'lamulo lija akupatsani mamita 40.4. Koma apa tachotsa mopyola pang'ono, chifukwa tawerengera phokoso ngati lachokera pa mamita 44. Bwerezaninso: 40.4 kugawa ndi 340 ndi 0.119, atsala 2.881, kuya kwake mamita 40.7. Imani pomwepo, kubwereza kwina sikusintha zambiri. Phokoso linakuwonjezerani mamita oposa atatu. Pachitsime cha masekondi 2 kusiyana kwake ndi mita imodzi yokha, 18.5 m'malo mwa 19.6.

Komabe chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chala chanu pa wotchi. Pofika pamadzi mwalawo umakhala ukuthamanga mamita 28 pa sekondi, choncho mukachedwa kudina ndi masekondi 0.2 okha, zomwe zimachitikira aliyense, mwasokoneza ndi mamita asanu. Kulakwitsa kumeneku n'kwakukulu kuposa kwa phokoso komwe anawo akukanganira. Ndiye jambulani kanema wa pafoni woonetsa dzanja likutaya mwala ndi kumveka kwa chubwi, kenako muone nthawi pakanemapo pang'onopang'ono. Ngati muli ndi wotchi yokha, yesani kasanu, muphatikize nthawi zonsezo n'kugawa ndi 5.

Mwala ukhale wolemera, wobulungira, kukula ngati dzira la nkhuku, komanso wotsuka poti madziwo ndi akumwa. Kamwala kopepuka kapena kaphanthiphanthi mpweya umakachedwetsa, chitsime n'kuoneka chakuya kuposa mmene chilili. Musauponye, ingotambasulani zala pakati penipeni pa chitsime, dzanja lili molingana ndi mlomo wake. Mukamva kuti gogogo m'khoma usanafike pansi, ulendo umenewo musauwerengere.

Dziwaninso kuti 40.7 ndi mtunda wofika pamwamba pa madzi, osati pansi pa chitsime. Ngati cholinga n'kugula mapaipi kapena pampu, mangirirani chitsulo kuchingwe, muchitsitse mpaka chingwe chitalefuka, kenako muyeze utali wonse ndi mbali yonyowayo. Pa mjigo musayese n'komwe kugwetsamo mwala, chifukwa paipi yake ndi yopapatiza ndipo mwala ukhoza kukakamira n'kuwononga pampu.